Sabata ya mawotchi olankhula Chitchaina

Ntchito yanga yeniyeni ndi yokonza mafoni pa kashopu kanga ku Limbe, koma masiku ano mawotchi owerenga masitepe ndi kugunda kwa mtima akundidyera nthawi kuposa masikirini osweka. Ambiri amabwera ndi amalonda okaoda katundu ku China, ena amatumizidwa ndi achibale a ku Joni. Eniake amafika ndi dandaulo limodzi: wotchi ikulemba Chitchaina, ndisinthireni chilankhulo. Chimene ndaona ine ndi chakuti chilankhulo sichikhala vuto lenileni. Mawotchi ambiri amatengera chilankhulo ku foni, ndipo amatero pokhapokha atalumikizidwa bwino ndi apu yake. Ukalimbana ndi chilankhulo usanalumikize, dzuwa likuthera pamenepo.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina, namwino, ali ndi Mi Band 6 yatsopano m'bokosi lolembedwa Chitchaina chokhachokha. Anati ayesa usiku wonse, foni ikuiona wotchiyo koma apu ikukana. Nditangomva choncho ndinadziwa pamene panakhota. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, munailumikizira pati?" Anandionetsa mndandanda wa Bluetooth wa foni, dzina la wotchiyo lili pomwepo. Mawotchi awa salumikizidwa ngati sipika kapena mahedifoni. Amagwiritsa ntchito Bluetooth ya mphamvu yochepa, ndipo ikangogwidwa ndi foni, wotchi imasiya kudzilengeza, motero apu ikamafufuza siipeza. Ndinaichotsa pa mndandandawo, ndikuzimitsa Bluetooth, ndikuyatsanso, kenako tinalowa mu Zepp Life, apu imene kale inkatchedwa Mi Fit isanasinthe dzina mu 2022.

Apa panali chopinga chachiwiri. Foni yawo inali ya Android 11, ndipo mafoni oyambira Android 6 kufika 11 salola apu kufufuza zida za mtunduwu ngati sunaipatse chilolezo cha Location, komanso ngati Location yeniyeniyo ili yozimitsa. Mayiwo anali atakana chilolezocho, ati wotchi ikufuna kudziwiranji kumene ali. Funso lake ndi lomveka ndithu, ndipo ndinawafotokozera kuti ndi mmene Android ya nthawi imeneyo inapangidwira. Kuyambira Android 12 chilolezocho chinapatulidwa, chimalembedwa Nearby devices. Atavomera, wotchi inanjenjemera patebulo, pa sikirini panatuluka mzere wa Chitchaina ndi chizindikiro cha kuchonga. Sipafunika kuwerenga mzerewo. Wotchi ikanjenjemera pamene apu ikufufuza, ikufunsa ngati ukuvomera, ndipo umadina chochongacho msanga sikirini isanazime. Zitatero inayamba kukoka zosintha kuchokera ku foni. Ndinaiika pa tchaja, foni pambali pake, ndikuwapempha kuti asachoke nayo. Itamaliza inadzuka ikulemba Chingerezi, ine osakhudza chilichonse cha chilankhulo.

Lachiwiri linali la mabatire ndi madoko a tchaja, palibe chonena.

Lachitatu ndinalandira dalaivala wa thiraki wa ku Tete, amene Chichewa amalankhula ngati ife koma foni yake ili m'Chipwitikizi. Mi Band 4 yake inali yolumikizidwa bwinobwino, masitepe ikuwerenga, koma ikadali m'Chitchaina. Chifukwa chake ndi chakuti inali ya mtundu wopangira msika wa ku China, umene umadziwa Chitchaina ndi Chingerezi basi. Foni ikaiuza chilankhulo chimene ilibe, singachite kanthu. Tinasintha foni kukhala ya Chingerezi, apu inalankhulana ndi wotchi, ndipo wotchi inatsatira. Ndinawauza mosabisa kuti, "Achimwene, Chipwitikizi mulibemo muno, musapatse munthu ndalama kuti akuikireni." Anasankha kusiya foni m'Chingerezi.

Tsiku limene linanditopetsa ndi Lachinayi. Mnyamata wina wogulitsa pamsika anabweretsa mawotchi otsika mtengo angapo, aja opanda dzina lenileni, kuti ndimukonzere asanagulitse. Awa ali ndi malamulo awo. Apu yake siiganiziridwa: ena amafuna Da Fit, ena FitPro, ena Wearfit Pro, ndipo ukatenga yolakwika wotchi siipezeka, kapena imapezeka koma nthawi yake osasintha. Dzina la apu limakhala pa kapepala ka m'bokosi, nthawi zambiri m'zilembo zathu zomwezi pakati pa Chitchaina, kapena pa khodi ya QR ya pa wotchipo. Ine khodiyo ndimaiwerenga kuti ndingodziwa dzina, kenako apuyo ndimakaitenga ku Play Store, chifukwa makhodi ena amakufikitsa pa tsamba la Chitchaina lokupatsa fayilo yoti uike wekha, ndipo pa foni imene muli ndalama za munthu sindichita zimenezo.

Vuto lina linali lakuti mawotchi onse anali ndi dzina limodzi pa mndandanda wa apu. Uidziwa bwanji yako? Pa wotchi umadina chizindikiro cha kagudumu ka mano, ndiye 设置 ameneyo, ndikufufuza zilembo ziwiri izi, 关于. M'menemo muli nambala yaitali yokhala ndi timadontho tiwiritiwiri pakati, imene imatchedwa MAC. Umayerekeza zilembo zinayi zomaliza ndi zimene apu ikuonetsa. Sikiriniyo imazima msanga, choncho ndimaijambula ndi foni yanga ndikuiwerenga modekha. Mawotchi amtunduwu ambiri amalolanso kusintha chilankhulo pa iwo okha. Mu kagudumu momwemo umafufuza 语言, kawirikawiri pali kachithunzi ka dziko lapansi, ndipo ukalowa chilankhulo chilichonse chimalembedwa m'zilembo zake, ndiye English umamuona ndi maso ako. Mnyamatayo ndinamulembera zilembozi pa katoni. Ndinamulemberanso zisanu ndi chimodzi izi, 恢复出厂设置, kuti azizidziwa, pakuti zimafufuta zonse ndikubweza wotchi mmene inachokera ku fakitale, Chitchaina chomwe.

Lachisanu mmodzi mwa ogula mawotchi aja anabwera akudandaula kuti mauthenga akufika koma kuyimba sikutheka. Mawotchi oyimbira amalumikizidwa kawiri. Koyamba ndi mu apu, kwa masitepe ndi mauthenga. Kachiwiri ndi pa mndandanda wa Bluetooth wa foni, kwa mawu, ndipo apa pokha ndi pamene mndandandawo umagwira ntchito. Dzina lachiwirilo limaoneka ukayatsa kachizindikiro ka foni pa wotchi. Ndinamuzimitsiranso mbali ya nyimbo pa kulumikizako, kuopa kuti mauthenga a mawu a pa WhatsApp angamatulukire pa dzanja ali mu minibasi.

Loweruka bambo wina wachikulire anabwera ndi Apple Watch yogula kwa munthu, ikulemba zilembo za Chijapani, foni yawo ili ya Android. Zinandimvetsa chisoni chifukwa ndalama zinali zitapita kale. Wotchi imeneyi imalumikizidwa ndi iPhone yokha. Tinabwereka iPhone ya mnzanga wa shopu yoyandikana kuti tione ngati angathe kuigulitsanso, ndipo titafika pakati pa kuilumikiza inafuna akaunti ya mwini wake woyamba. Loko ameneyu, Activation Lock, sachoka ngakhale ufufute wotchi. Amamuchotsa ndi mwini akauntiyo. Ndinawauza kuti, "Bambo, apa chilankhulo ndingasinthe, koma wotchi siitseguka. Bwererani kwa amene anakugulitsani lero lomwe, akachotse wotchiyi pa akaunti yake inu mukuona, apo ayi akubwezereni ndalama." Sindinawalipiritse kanthu, ndipo ndinawalembera mawu awiriwo pa kapepala kuti akamuonetse wogulitsayo.