Batire Losatha ndi Zitenje za Chinkhoswe

Ndimagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, ndipo makasitomala anga ambiri amasankha katundu poona zithunzi pa WhatsApp. Foni yanga yakale itafa, wogulitsa anandionetsa mafoni awiri. Ina inali yotchipa, yolemera m'manja, yokhala ndi batire la 6000 mAh, pamene inayo inali ndi kamera yabwino ndi batire locheperapo, koma mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Popeza pabenchi panga palibe soketi, ndipo kotchajitsa amalipiritsa, ndinatenga ya batire.

Tsiku lina mayi wina wa ku Zomba, yemwe ankatsogolera komiti ya chinkhoswe, anandiuza kuti akufuna zitenje 20 zofanana, za mtundu wa pepo. Ine ndinangojambula mitundu yonse yomwe ndinali nayo kuti asankhe okha. Benchi langa ndi lofoleredwa ndi chipepala cha pulasitiki cha buluu, choncho kuwala kofika pansalu kumakhala kwa buluu. Kamera yabwino imayesetsa kukonza zimenezi kuti choyera chioneke choyera, koma yangayo inangosakaniza buluuyo ndi kufiira kwa nsalu, moti chitenje cha maruni chinatuluka pepo weniweni pachithunzi. Mayiwo analemba kuti, “Chachitatucho ndiye chomwecho.” Anatumiza ndalama pa Mpamba, ine n'kukweza katundu minibasi ya ku Zomba.

Madzulo foni inalira. “Mwatitumizira chiyani, mayi? Holo yonse takongoletsa pepo!” Anandikalipira mpaka mayunitsi awo anatha, kenako anaimba ankhoswe, kutsatira mayi a mkwatibwi, pomaliza mkwatibwi mwiniwake akulira. Apa m'pamene ndinasirira mnzanga woyandikana naye benchi, yemwe foni yake yodula imazima dzuwa likangopendeka, chifukwa iye akanangonena kuti moto unatha. Yanga inamva madandaulo a banja lonse mokhulupirika, ndipo pogona inali idakali pa 70 peresenti, yokonzekera achibale a kuchimuna.

Zitenjezo zinabwerera, ndipo ndalama ya minibasi, kupita ndi kubwera, inatuluka m'thumba mwanga. Mnyamata wina wokonza mafoni ndi amene anandiuza kuti nambala ya megapikiseli yolembedwa pabokosi sinena chilichonse za kulondola kwa mitundu, ndipo anandiphunzitsa kuika pepala loyera pambali pa nsalu pojambula. Pepalalo likaoneka la buluu kapena lachikasu, ndiye kuti nsalunso ikunamiziridwa, choncho ndiyenera kutuluka m'benchi n'kukajambulira panja, pamthunzi.

Masiku ano mnzanga uja amandijambulira zitenje m'mawa foni yake idakali ndi moto, ndipo masana makasitomala ake amaimbira pa yanga. Vuto lake n'lakuti omwe anamukongoza ndalama aidziwanso nambalayo.