Mndandanda wa ana a Napoleon wandisowetsa tulo

Achimwene andionetsa pepala lomwe akufuna akagawire ophunzira awo, ati ndiwaonereko ngati muli zolakwika. Ndi mndandanda wa ana a Napoleon, mfumu yaikulu ya ku France ija. Analigawa patatu: obadwira m'banja, otengedwa mwalamulo, obadwira kunja kwa banja. Pepala looneka bwino ndithu, ndipo zaka zonse zinali zolondola. Koma takangana mpaka mawu kukwera, moti pano ndikulemba mtima usanakhale pansi.

Gawo loyamba linalibe vuto. Muli dzina limodzi lokha, Napoleon II, wobadwa mu 1811 kwa Marie Louise wa ku Austria, mkazi wachiwiri. Anamwalira mu 1832 ali ndi zaka 21, osasiya mwana. Mzere wa m'banja unathera pomwepo.

Mkangano unayambira pa Alexandre Walewski. Achimwene anamuika m'gawo lachitatu, pansi pa Charles Léon, ngati kuti awiriwa nkhani yawo ndi imodzi. Ndinati, "Achimwene, uyu simungamuike apa osalembapo kanthu pambali." Iwo amvekere, "Iwe, dziko lonse likudziwa kuti ndi mwana wa Napoleon. Ukufuna ndilembenso chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza, ngakhale mwina ndinafulumira. Léon anabadwa mu Disembala 1806 kwa Éléonore Denuelle, ndipo pa kalata yake yakubadwa panalibe dzina la bambo. Napoleon sanamulowetse m'banja lachifumu, koma anamusamala, ndipo anamusiyira ndalama m'chikalata chake cha chuma chamasiye. Ameneyu akukwana bwinobwino m'gawo lachitatu. Walewski ayi. Anabadwa mu Meyi 1810 kwa Marie Walewska wa ku Poland, amene anali pabanja ndi mwamuna wina, ndipo mwamunayo anavomera mwanayo n'kumupatsa dzina lake. Pamaso pa lamulo, Walewski ndi mwana wobadwira m'banja, kungoti banjalo si la Napoleon. Ndiye ukamulemba kuti wakunja kwa banja, ukuyankha funso la magazi. Ukatsata lamulo, sakupezeka n'komwe pa mndandanda wa Napoleon. Mu 2013 akatswiri anayerekeza chibadwa chimene mwana wamwamuna amatengera kwa bambo ake okha, pakati pa mbadwa ya Walewski ndi mbadwa ya Jérôme, mng'ono wa Napoleon, ndipo chinafanana. Zimenezo zikulimbitsa mbali ya magazi, koma sizikufufuta zimene zinalembedwa mu 1810.

Achimwene anangoti ana asukulu ndiwasokoneza mitu. Mawu amenewa ndi amene andikhala pamtima. Ine ndikuona kuti chowasokoneza ndi kuwapatsa magawo atatu ngati onse akuyankha funso limodzi, pomwe mafunso ndi osiyana: anam'bereka ndani, lamulo likuti ndi mwana wa yani, ndipo akanatha kulowa ufumu kapena ayi. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu angathe kumva zimenezi mosavuta. Ambiri a iwo akuzidziwa kale za mwana amene ali ndi bambo womubereka ndi bambo womulera.

Sindikudziwa kuti nthawi inapita bwanji, tinapezeka tili pa gawo lachiwiri, ndipo kumeneko kunali mayina atatu: Eugène, Hortense ndi Stéphanie, onse a de Beauharnais. Eugène ndi Hortense ndi ana a Joséphine, mkazi woyamba, amene anabereka ndi mwamuna wake wakale Alexandre de Beauharnais, yemwe anaphedwa mu 1794. Napoleon atakwatira Joséphine mu 1796 anawapeza ali kale anamsinkhu. Kukhala mwana wopeza sikukusandutsa wotengedwa mwalamulo. Pamafunika chikalata, ndipo wolemba mndandanda ayenera kulemba chaka chake pambali pa dzina. Pa Eugène chaka ndi 1806. Pa Stéphanie chimodzimodzi, ngakhale iye sanali mwana wa Joséphine, anali wachibale wa malemu mwamuna wake, bambo ake omubereka ali moyo. Napoleon anamutenga kuti akhale ndi ulemu wa mwana wa mfumu pokwatiwa ndi wolowa ufumu wa Baden. Hortense ine ndimamulemba kuti mwana wopeza, ndipo ndimawonjezera kuti analinso mlamu wake, poti mu 1802 anakwatiwa ndi Louis, mng'ono wa Napoleon. Mwana wa awiriwa ndi amene anadzakhala Napoleon III. Wophunzira akangoona dzinalo amaganiza kuti ndi mdzukulu wochokera mwa Napoleon II, pomwe ndi mwana wa mng'ono wake wa Napoleon woyamba.

Apa achimwene anafunsa funso labwino, ndivomereze. Anati, "Nanga ngati Eugène anatengedwa mwalamulo, bwanji Napoleon anasiya Joséphine pofuna mwana? Wolowa m'malo anali naye kale." Yankho lili m'malamulo a dziko a 1804. Ufumu wa France unkayenda mwa ana aamuna obadwira m'banja, ndipo kutenga mwana kuti adzalowe ufumuwo kunkaloledwa pa ana kapena adzukulu a abale ake aamuna a Napoleon okha. Eugène sanali mmodzi wa iwo. Anapatsidwa chiyembekezo cha ufumu wa Italy, wa France ayi. Choncho mawu oti "wotengedwa" paokha sakuuza owerenga chimene munthuyo anapeza. Kubadwa kwa Léon n'kumene kunamutsimikizira Napoleon kuti angathe kubereka, ukwati ndi Joséphine unathetsedwa kumapeto kwa 1809, ndipo mu 1810 anakwatira Marie Louise. Magawo atatu aja akufotokozana okhaokha, koma pepala la achimwene linawadula ngati sagwirizana.

Chimene chandiwawa kwambiri sindinachinene n'komwe, chandibwerera nditakhala ndekha. Pansi pa pepalalo analemba kuti mafumu a Sweden ndi mbadwa za Napoleon. Mwana wamkazi wa Eugène, Joséphine nayenso dzina lake, anakwatiwa mu 1823 ndi Oscar, amene anadzakhala mfumu ya Sweden. Choncho mafumuwo ndi zidzukulu za Joséphine ndi Alexandre de Beauharnais. Magazi a Napoleon mulibe. Uku anthu amene alidi ndi magazi ake anangothera pa mzere umodzi wopanda chilichonse pansi pake. Walewski anadzakhala nduna yoona zakunja ya France kuyambira 1855 mpaka 1860, ndipo mu 1844 anabereka mwana wamwamuna ndi Rachel, katswiri wa zisudzo, kunja kwa banja nayenso, n'kumuvomera. Mzere umenewo ulipo mpaka lero. Léon anafa wosauka mu 1881, koma naye anasiya ana. Mndandanda umene ukutsata otengedwa mpaka kwa zidzukulu chifukwa ndi mafumu, n'kuima pa akunja ngati sanabereke, wasankha mbali mosanena. Zimandipweteka chifukwa mwanayo sanasankhe kobadwira, ndipo ife olemba tikumuchotsanso kachiwiri patapita zaka mazana awiri.

Ndawalembera kuti pa dzina lililonse aike mayi ake, bambo amene lamulo likumudziwa, chaka cha chikalata ngati anatengedwa, ndi ngati akanalowa ufumu. Magawo atatu aja akhalepo, sindikuwakana. Ayankha kuti pepala silikwana, ndipo Walewski akhala pomwe ali. Za Sweden sindinawauzebe. Ndikanaphatikiza lero akanati ndikungofuna kuwina, ndiye mwina mawa, kaya ndiyambira pati.