Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kalata yopita kwa ahedi

Mwana wanga wamkazi, uja ndinakuuzani kuti anabadwa ndi chialubino, atayamba Sitandade 1 anzake ankamutalikira. Makolo ena anawauza kuti akamukhudza kapena kumwera naye phala kapu imodzi, nawonso ayera. Aphunzitsi ake sanali ankhanza, koma tsiku lina pa asembule anamuvula chipewa, ati si yunifolomu. Anafika kunyumba makutu ndi khosi zili psuu, ndipo kutacha anali atatuluka matuza.

Ndinaganiza zolemba kalata, chifukwa zolankhula pakamwa zimaiwalika. Nditapereka moni, ndinayamba ndi zimene anthu ankaopazo:

"Bambo mphunzitsi wamkulu, chialubino si matenda opatsirana. Mwana amabadwa nacho potengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale iwo atakhala akuda ngati ife. Thupi lake silipanga mokwanira melanini, amene amadetsa khungu n'kuliteteza ku dzuwa. Kusewera naye kapena kudya naye sikungapatsire aliyense."

Zopempha ndinazichepetsa dala, kuti ahedi aone kuti palibe chofuna ndalama. Aloledwe kuvala chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ndi siketi yofika m'mapazi, za mtundu wa yunifolomu womwewo. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana asamaime padzuwa, ndipo ntchito ngati yosesa azigwirira m'kalasi. Anzake akamaphunzirira pansi pa mtengo, iye akhale pakati pa mthunzi, osati m'mphepete, poti mthunzi umasuntha.

Pa mafuta ndinafotokoza bwinobwino, chifukwa ena amayesa odzikongoletsera. Ndi oteteza khungu ku dzuwa, pabotolo pake palembedwa SPF 50, ndipo timalandira ku chipatala cha boma. Ndimamudzoza asananyamuke, koma mphamvu yake siikhalitsa, makamaka akatuluka thukuta, motero amafunika kudzolanso pakatha maola awiri aliwonse. Ndinapempha kuti pa buleki aphunzitsi azimukumbutsa, osaiwala makutu ndi kuseri kwa khosi. Ngakhale kunja kuli mitambo, dzuwa limamuwotchabe. Ndinalembanso mosabisa kuti kupsa mobwerezabwereza ndi kumene kumabweretsa khansa ya pakhungu, choncho akaona kachilonda kosapola kapena malo okhakhala andiuze msanga.

Za maso ndinaikamo mzere umodzi: saona bwino patali, akhale kutsogolo pafupi ndi bolodi, kumene kuwala kwa pawindo sikumuthobwa.

Ndinaphatikizapo kalata ya adokotala a khungu, n'kukapereka ndekha. Ahedi anawerenga ndili pomwepo, kenako anaitanitsa aphunzitsi a kalasi lake, ndipo tinagwirizana kuti ana auzidwe za chialubino mwana wangayo atavomera kaye. Chipewa chinabwerera pamutu sabata yomweyo. Za phala zinatenga nthawi, mpaka nkhaniyi inakakambidwa pamsonkhano wa makolo.

Kalata ikalowa mu ofesi, mphunzitsi watsopano saidziwa. Tsopano chaka chilichonse sukulu ikamatsekulira ndimaikopera ndi kuipereka m'manja mwa aphunzitsi a kalasi limene walowa.