Mitambo ya mu gemu yabwerera, koma madola anga apita

Nkhani ya HDR, yomwe imathandiza kuti zowala kwambiri ndi zamdima zioneke bwino pa TV, yatheka tsopano koma yandidyera Loweruka lonse. Vuto linali loti mu gemu ukayang'ana kumwamba mitambo sinkaoneka, kumangokhala kuyera mbee ngati pepala. Ndinakwera kombi kuchoka ku Highfield mpaka m'tauni, mnyamata wa pa shopu ina osafunsa n'komwe TV yanga ndi yotani, akuti mdala ndi kebulo imeneyo, madola 15. Ndifike kunyumba magetsi kulibe, abwera usiku, ndilumikize kebulo ija mitambo ili chimodzimodzi. Kebulo ikafa chithunzi chimathothoka kapena kuzima kumene, siifufuta mitambo yokha ayi.

Chinthu chake ndi Peak Brightness ya mu menyu ya gemu. Nambala imeneyo imauza gemu pomwe TV yanu imathera kuwala, mu ma nits, muyezo wa kuwala. Yanga imathera cha m'ma 800, ndiye gemu ikamatumiza zowala kuposa pamenepo, zonse za pamwamba pa 800 zimasanduka mtundu umodzi woyera. Muitsitse pang'onopang'ono uku mukuyang'ana mtambo wa pafupi ndi dzuwa, m'mphepete mwake mukangoyamba kuoneka imani pomwepo. Mukapitirira kutsitsa mitambo ioneka ndithu koma dzuwa limafooka.

Koma dikirani, musanagwire zimenezo zimitsani kaye Dynamic Tone Mapping pa TV, ngati pali HGiG, yomwe imasiyira gemu ntchito yokonza kuwala, sankhani imeneyo, pa ma LG ili pa menyu yomweyo. Dynamic Tone Mapping ikakhala yoyaka TV imangokonza yokha chilichonse chomwe mwasintha, nambala yomwe mupeze imakhala yabodza. Pa PS5 yambani ndi Adjust HDR, masikirini awiri oyamba mukweze mpaka kachizindikiro ka pa sikirinipo katsale pang'ono kusowa, yachitatu ndi ya mdima. Iiih ndikanaiwala, ife a ma inveta timakonda kusiya Energy Saving yoyaka, imeneyonso ichotseni, imachepetsa kuwala.

Paper White ndi nkhani ina, anthu amasokoneza. Iyi ndi ya zoyera wamba, khoma, malaya, zolemba za pa sikirini m'magemu ambiri. Muyezo wa akatswiri ndi 203 nits, ine ndinaika 200. Taonani, 800 ndi 200 ndiye kuti dzuwa likuposa khoma kanayi. Mukaika 400 poti chithunzi chikuoneka chakuda, kwatsala kawiri basi, khoma ndi dzuwa zayandikana, HDR yathera pomwepo. Masana dzuwa likamalowa pa windo 250 kapena 300 ndi bwino, koma chithunzi chikada musathamangire Peak Brightness, kwezani Paper White yokha kapena tsekani katani.

Ndibwerezenso, Dynamic Tone Mapping izime kaye, ndipo mukadzaiyatsa kapena kusintha Picture Mode muyambirenso zonse. Za kebulo ija ndinabwererako Lolemba, akuti yotsegula kale sabweza ndalama.