Makadi anga a mafomula: sabata yachisanu, khadi la Euler

Makadi afika 14 tsopano. Sabata ino yonse yathera pa khadi limodzi lokha, la fomula ya Euler yopezera katundu amene mzati wautali wowonda ungasenze usanakhotere cham'mbali. Ndalilemba katatu, ndipo ndikufuna kufotokoza chimene chinalakwika poyamba, chifukwa chasintha kalembedwe kanga ka makadi onse.

Kale ndinkalemba zongoganizira zonse pamwamba pa khadi, mumndandanda, kenako masitepe m'munsi. Lachiwiri ndinatembenuza khadilo, n'kutenga pepala loyera kuti ndiyese kutulutsa fomulayo pamtima ngati ndili m'chipinda cha mayeso. Mndandanda uja ndinaulemba wonse osaphonya. Koma nditadzifunsa kuti mfundo yoti kukhota n'kochepa yalowera pa mzere uti, ndinangoti kakasi. Ndinali nditauloweza ngati nyimbo.

Pa khadi latsopano ndajambula mzere pakati. Kumanzere kuli masitepe, ndi inki yakuda. Kumanja, moyang'anizana ndi sitepe iliyonse, ndalemba ndi inki yofiira chimene chandilola kuponda sitepe imeneyo.

Khadi limayamba ndi chithunzi cha mzati wotalika L utakhota kale pang'ono, katundu P akuukanikiza, ndipo pamalo x wapatuka ndi y. Momenti pamenepo ndi M = −Py. Inki yofiira ikuti: mzati unali wowongoka bwinobwino, katundu akudutsa pakati penipeni, kulemera kwa mzatiwo sitikukuwerengera. Kupanda mfundo zitatuzi, mu M mukanakhala zinthu zina zowonjezera.

Sitepe yachiwiri ndi EI·y″ = M, pomwe E akuyimira kukana kutamuka kwa chitsulo ndipo I akuyimira mmene maonekedwe a nkhope ya mzati amakanira kupindika. Apa mpamene pabisala zambiri. Kulemba y″ m'malo mwa fomula yonse ya kupindika n'kololeka pokhapokha ngati kupendekeka kwa mzati kuli kochepa kwambiri. Kulemba E kukutanthauza kuti chitsulo chikadali m'malire a lamulo la Hooke, moti chitamasulidwa chingabwerere mwakale. Kenako:

```
y″ + k²y = 0,  k² = P/EI
y = A sin kx + B cos kx
y(0) = 0  →  B = 0
y(L) = 0  →  sin kL = 0  →  kL = π
P = π²EI/L²
```

Pambali pa mzere wachiwiri ndalemba kuti EI sasintha m'litali monse, apo ayi k sangakhale nambala imodzi. Pa mizere ya y(0) ndi y(L) ndalemba kuti nsonga zonse ziwiri zili pa pini: zimatha kuzungulira koma sizisuntha cham'mbali. Ndawonjezanso mawu awiri amene ndinkawadumpha. A sangakhale ziro, chifukwa ndiye kuti mzati sunakhote n'komwe. Ndipo pa mayankho onse a kL = nπ tikutenga n = 1 chifukwa ndi katundu wochepetsetsa, amene mzati udzayambe kukumana naye.

Lachinayi ndinaiwala chizindikiro chochotsera cha pa M. Yankho linatuluka la sinh ndi cosh, ndipo nditaika y(0) ndi y(L) zonse zinangosanduka ziro, ngati kuti mzati sungakhote ngakhale utausenzetsa phiri. Ndasangalala kuti ndinalakwitsa pano osati pa mayeso. Pakona pa khadi ndalembapo kuti: ukaona sinh, bwerera ku sitepe yoyamba.

Kumbuyo kwa khadi ndaikako chitsanzo. Ndodo yachitsulo yobulungira, mamilimita 20 kupingasa, yotalika mita imodzi, E = 200 GPa. I = πd⁴/64 imapereka 7,854 mm⁴, ndipo P amatuluka pafupifupi 15.5 kN. Ukagawa ndi kukula kwa nkhope yake, 314 mm², sitiresi ndi 49 MPa, kutali kwambiri ndi 250 MPa pomwe chitsulo chotere chimayamba kugonja. Fomula yagwira.

Ndiye ndinaifupikitsa ndodoyo kufika mamilimita 300. Fomula inandipatsa 172 kN popanda kudandaula, koma sitiresi yake ndi pafupifupi 548 MPa. Chitsulocho chikhala chitaphwanyika kalekale chisanafike pamenepo, kutanthauza kuti inki yofiira ya pa sitepe yachiwiri, ya Hooke ija, yaswedwa. Kwa chitsulo chimenechi fomula ya Euler imagwira pokhapokha ngati L/r, muyeso wa kuwonda kwa mzati, waposa pafupifupi 89, pomwe r² ndi I wogawidwa ndi kukula kwa nkhope. Ndodo yaitali ija ili pa 200, yaifupiyi ili pa 60.

Dzulo ndinatulutsa zonse pa pepala loyera m'mphindi zisanu ndi ziwiri, zofiira zomwe. Ndidzayesanso pakatha masiku atatu osaliyang'ana. Makadi 13 akale aja ayenera kulembedwanso mwanjira yomweyi, ndipo ndiyamba ndi la M/I = σ/y = E/R, popeza EI·y″ = M ndangoibwereka kumeneko.