Sivi yapeza 8 pa 18, ndiye muyambe kuphunzira chiyani?

Ambiri akayika sivi pambali pa chidziwitso cha ntchito n'kuona malikisi ochepa, amathamangira kukalembetsa kosi. Kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa si ziro aliyense amene amafuna sukulu.

Titenge chitsanzo cha mtsikana wa kwa Kamwendo ku Mchinji amene akufuna ukalaliki wa m'nyumba yosungira soya ndi mtedza. Chidziwitso chikufuna zinthu 6. Zitatu zalembedwa kuti n'zokakamiza: satifiketi ya fomu folo, zaka ziwiri pa ntchito ya sitoko, ndi pulogalamu ya pakompyuta ya Excel. Zinazo n'zongowonjezera mwayi: kulemba lipoti la pamwezi, kuyeza chinyontho cha mbewu, ndi layisensi ya njinga yamoto. Chilichonse chipatsidwe 2 ngati sivi ikuchionetsa ndi umboni, 1 ngati yangochitchula, 0 ngati mulibe. Zokakamizazo zichulukitsidwe kawiri, ndiye zonse pamodzi ndi 18. Satifiketi yamupatsa 4, zaka za ntchito 2, Excel 2, zotsalazo ziro. Wapeza 8.

Malikisi aperekedwe pa zimene zili papepala, osati zimene mukudziwa mumtima, poti wosankha anthu sakudziwani.

Tsopano mipata isanu yatsalayo ifunsidwe funso limodzi: chikusowa n'chiyani kwenikweni? Chinyontho amatha kuyeza, wagwirapo kamakina kake nyengo zitatu zogula mbewu, kungoti sanalembe. Umenewo ndi mpata wa cholembera, utsekedwa usiku womwewo. Njinga amayendetsa, chikusowa ndi pepala, ndiye nkhani yake ndi ya ndalama ndi tsiku la mayeso. Zaka za ntchito siziphunziridwa. Nyengo zitatu za miyezi inayi ndi chaka chimodzi basi; alembe choncho mosabisa, apemphe kalata kwa amene ankamulemba ganyuyo. Zofuna kuphunzira zenizeni zatsala ziwiri, Excel ndi lipoti.

Asanayambe, asonkhanitse zidziwitso zina zinayi kapena zisanu za ntchito yofananayo. Ngati Excel ikupezeka mu zonse koma layisensi m'chimodzi chokha, layisensiyo idikire.

Pamene mndandanda wa zoti muphunzire umawonongekera ndi pa kalembedwe. Mukalemba kuti "kuphunzira Excel" simudzadziwa tsiku limene mwamaliza, mudzangoonera mavidiyo mpaka bandulo ithe. Lembani ntchito yoti munthu wina angakuyeseni nayo: "kuchokera pa malisiti 200, nditulutse makilogalamu a mbewu iliyonse ndi a mlimi aliyense m'mphindi 15." Chiganizo chimenechi chikukuuzani chokha zoti muphunzire: kulowetsa malisiti mwadongosolo, kusefa, `SUMIF`, kenako `PivotTable` yoika zonse m'tebulo lachidule. Zina zonse za mu Excel zisiyeni kaye.

Ngati dzina la mbewu lili mu B ndipo kulemera kuli mu D, `SUMIF` iyi iphatikiza makilogalamu onse a soya:

```
=SUMIF(B:B,"Soya",D:D)
```

Apa pamagwa anthu. Wina amalemba `50kg` m'kabokosi m'malo mwa `50`, Excel n'kuitenga ngati mawu, n'kuilumpha mwakachetechete osadandaula. Wina amasiya mpata pambuyo pa `Soya`, mzerewo osawerengedwa. Chizindikiro chake n'chakuti soya ndi mtedza mukaziphatikiza sizikufika pa chiwerengero cha m'kaundula wa pamanja. Nambala yokhala kumanzere kwa kabokosi muziyikayikira, chifukwa nambala yeniyeni imakhala kumanja.

Nthawi muiwerenge monga ilili. Ngati pa sabata pakupezeka maola anayi, masabata 6 ndi maola 24, ndipo akwana. Sabata ziwiri zoyamba alowetse malisiti 200 ongopeka ndi kuphunzira kusefa, yachitatu ndi yachinayi `SUMIF` ndi `PivotTable`. Yachisanu ndi ya lipoti la tsamba limodzi: matumba otsala mwezi watha, olowa, otuluka, owonongeka, ndi otsala lero. Lipotilo lichokere pa malisiti omwe aja, mipata iwiri itsekedwe ndi ntchito imodzi. Sabata yomaliza isiyidwe yopanda kanthu, chifukwa magetsi adzazima, kudzagwa maliro, kapena kumunda kudzafunika anthu.

Pafoni mutha kuonera maphunziro, koma kuyeserera kuchitike pa kompyuta, ngakhale yobwereka ola limodzi, chifukwa pa intaviyu ya ntchito ngati iyi akhoza kukukhazikani pa kompyuta n'kukupatsani malisiti. Ine sindiwerengera satifiketi ya kosi ya masiku atatu ngati umboni woti mpata watsekedwa. Mnzanu akupatseni malisiti amene simunawaonepo, agwire wotchi. Mukakwanitsa kawiri motsatizana, sinthani sivi, muichongenso ndi muyeso womwe uja. Mtsikana uja achoka pa 8 kufika pa 14. Malikisi anayi otsalawo ndi a layisensi ndi a chaka china cha ntchito chimene sanachigwirebe.