Batire la sola ndi limene ndinaiwala kuwerengera

Ndangobwera kumene kokagula batire lachiwiri la sola, ndipo mtima sunakhale pansi, ndiye ndilembe zidakali m'mutu.

Ndisanagule sola ndinakhala mwezi wathunthu ndikulemba m'kope chilichonse chopita pa kuwala ndi foni. Mitengo imasintha, choncho ndinkayeza zonse ndi mtengo wa batire limodzi la tochi. Nyali ziwiri zinkadya mabatire 4 pa sabata, kutanthauza 208 pa chaka. Mafoni awiri tinkatchajitsa katatu pa sabata iliyonse, ndipo kutchajitsa foni imodzi kamodzi kunkafanana ndi theka la batire, ndiye pa chaka zinkakwana 156. Nyali zenizenizo zinkafa kawiri pa chaka, nthawi zambiri chifukwa batire latayikira m'kati n'kudya mawaya, ndipo apa pankapita 24. Zonse pamodzi 388 pa chaka, pa zaka 5 n'kufika 1,940. Ndalama yotereyi siioneka chifukwa imachoka pang'onopang'ono.

Sola ya mawati 20, kontirola yoteteza batire kuti lisadzaze kapena kutha mopitirira, batire la 12V 7Ah, mababu atatu ndi mawaya zinakwana 600. Ndinagawa 600 ndi 388, n'kupeza kuti pakatha chaka ndi miyezi 7 ndalama yabwerera. Ndinasangalala, ndinagula. Cholakwa changa chinali kuganiza kuti poti panelo imatha zaka 20 kapena kuposa, ndiye kuti zonse zidzatha zaka zomwezo. Ayi ndithu. Batire ndi limene limayamba kufa, ndipo muzililemba m'masamu anu musanapereke ndalama.

Langa linafa pa miyezi 8. Poyamba mababu ankazilala cha m'ma 9 koloko usiku, kenako 8, kenako ankangoyaka mphindi zochepa ngakhale dzuwa litaswa mtengo tsiku lonse. Ndinalinyamula, kulemera kwake inu, kubwerera nalo kwa amene anandigulitsa. Ndinafika m'mawa, akuti dikirani woyeza sanabwere. Wabwera masana, akuti kuyeza n'kolipira. Ndalipira, wagunditsa mita kwa masekondi ochepa chabe, n'kundiuza kuti lafa. Ngati kuti sindinkadziwa! Nditafunsa za chitsimikizo, anandionetsa lisiti langa lomwe: panalembedwa chitsimikizo cha panelo yokha, za batire panalibe olo liwu limodzi. Tsiku lonse lapita, yoyendera yapita, yoyezetsa yapita, ndabwerera ndi chimtolo chomwecho. Pogula muziti, “Bambo, ndilembereni pa lisitipa kuti batire lili ndi miyezi ingati.” Za pakamwa sizigwira ntchito.

Koma kunena chilungamo, batirelo ndinalipha ndekha, ndipo amene anandizindikiritsa ndi achimwene anga. Batire la 12V 7Ah limasunga mawati-awa 84, koma la mtovu ngati limeneli silifuna kumalizidwa kupitirira theka, ndiye anu enieni ndi 42 basi. Mababu atatu a mawati 3 akayaka maola 4 amadya 36. Ine ndinkawonjezera mafoni awiri usiku womwewo, iliyonse pafupifupi 12, n'kukwana 60. Usiku uliwonse ndinkalikama mopitirira, ndipo kontirola ikazimitsa magetsi ndinkailumpha n'kulumikiza molunjika ku batire. Manyazi, koma ndi mmene zinalili. Batire lodzaza likapuma limaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo likamatsika pansi pa 12V tsiku ndi tsiku, dziwani kuti mukulikumbira manda. Tsopano mafoni timatchaja masana dzuwa lili pamutu, batire n'kulisiyira mababu okha.

Ndinaiwala kunena za masiku a mitambo. Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, panelo yaing'ono sidzaza batire, ndipo tinabwererako kotchajitsa kangapo. Nyali imodzi ya mabatire musaitaye.

Masamu ndawachitanso madzulo ano. Batire la sola limafanana ndi mabatire a tochi 120, ndipo likasamalidwa limakwana zaka ziwiri kapena zitatu, choncho pa zaka 5 ndaikapo awiri osinthira, 240. Mababu, mawaya ndi masiku a mitambo aja ndaika 60. Pamodzi ndi 600 yoyamba zikukwana 900, pomwe njira yakale inali 1,940. Ndikawonjezera batire limene ndinaphali ndi ulendo wopanda pake uja, ndikupitirira 1,000 pang'ono, komabe ndi pafupifupi theka. Batire la lithiamu limakhalitsa kuposa la mtovu ndipo limapirira kumalizidwa kwambiri, koma poyamba limadula, ndiye ndaliika pa tsamba lina la kope kuti ndidzaliyerekeze ili likadzafa. Lisiti latsopanoli ndaliwerenga kawiri ndisanatuluke pakhomo, ndipo miyezi ya batire yalembedwapo.